Makomo Atatu Amene Tinaboola pa Namitete

Nyumba ija inali ya njerwa zowotcha zomangira dothi, denga la malata, zipinda zinayi, khomo limodzi lotulukira kumsewu. Amuna anga anaimanga pa Namitete, pafupi ndi msika wa fodya, ndi ndalama za ulendo wawo woyamba wa ku Halale. Sitinagonemo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinali kukhala kwathu kwa amayi, mtunda wa ola limodzi kuchoka pamenepo. Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi inayi, atate ake anakweranso lole kubwerera kuntchito.

Pochoka anati, "Nyumbayi ikudyetseni, iwe ndi mwana, ndipo ndidzaipeze ili chilili. Zikavuta, ufunse achimwene."

Ndinawafunsadi alamu angawo, ndipo mavuto anayambira pamenepo.

Kunabwera mlangizi wa zaulimi amene boma linamutumiza kudera lathu, ali ndi mkazi ndi ana atatu. Anazungulira nyumba yonse, nagogoda zipupa. Anati aitenga yonse pa masheleni khumi ndi asanu mwezi uliwonse, chilimwe ndi dzinja lomwe. Zosesa, zozira pansi ndi zosamala chimbudzi anati adzionera okha. Mkazi wake anali atasankha kale pobzala mpiru.

Alamu atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlamu, kusukulu kuja munkangopita kukaimba nyimbo eti? Zipinda zinayi, chilichonse masheleni asanu ndi limodzi. Zakwana zingati?"

"Makumi awiri ndi zinayi," ndinayankha.

"Ndiye mukufuna khumi ndi zisanu? Komanso taganizani. Munthu mmodzi akachoka, nyumba yonse yagona ndi njala. Koma anayi, wina akachoka atatu atsala."

Masamu awo anali oona, sindikanatsutsa. Ndinangonena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

"Miyambi sagulira sopo," anatero. "Ndiponso munthu wotilipitsa chifukwa cha mizere ya m'munda, agone m'nyumba ya mng'ono wanga? Ndili moyo ine?"

Mlangizi uja tinamubweza. Koma nyumba yomangidwira banja limodzi siilandira alendo anayi. Zipinda zitatu zinalibe potulukira pakepake, ndipo palibe munthu angalole mnzake wosamudziwa kumadutsa pamphasa pake. Alamu anaitana mmisiri wotchipa, naboola makomo atatu, limodzi kumbuyo, awiri m'mbali. Makomo a m'kati anawatseka ndi zidina. Pamwamba pa khomo lililonse latsopano, pamene pamafunika thabwa lokhwima lonyamula njerwa, anaikapo mtengo wauwisi wodula dzulo lake. Ndinaona ndi maso angawa, ndinanena. Anati za zomanga si za akazi. Malipiro a mmisiri, zitseko ndi maloko zinachokera m'ndalama zimene amuna anga anandisiyira.

Msika wa fodya utatsegulidwa, zipinda zinadzaza sabata imodzi. Munalowa kalaliki wa pamsika, amuna awiri omanga mabelo a fodya amene anagawana chipinda chimodzi, woyeza fodya pasikelo, ndi telala amene ankasokera alimi akalandira ndalama. Mwezi woyamba masheleni anabwera onse makumi awiri ndi anayi. Alamu anabwera pa njinga, nawawerenga, natengapo anayi a "kuyang'anira".

Kuyang'anirako ankachita ndani? Tsiku lililonse ndikachoka kudimba, ndinkabereka mwana n'kuyenda ola lathunthu. Bwalo la anthu asanu lilibe mwini. Aliyense ankati zinyalalazo si zake. Khitchini inali imodzi, mafuwa atatu okha, ndipo ndewu ya nkhuni sinkatha.

"Mayi a nyumba, tabwerani muone! Akalalikiwa akuphikira nkhuni zanga."

"Zalembedwa dzina lako? Ndiwe wodziwa kulemba iwe?"

"Kulemba sindidziwa, koma kumenya ndinakhoza bwino!"

Ine pakati pawo, mwana akulira kumsana, ndikupepesa anthu aakulu ndevu zawo. Telala ankadandaula kuti utsi ukumudetsera nsalu. Woyeza fodya ankabweretsa abale ake ochokera ku Nsaru ndi ku Kabudula odzagulitsa fodya, nthawi zina asanu ndi awiri m'kachipinda kamodzi. Chimbudzi chimene chikanatumikira banja limodzi zaka zingapo chinayamba kununkha mpaka kumsewu, ndipo wa zaumoyo anandiopseza pamaso pa anthu. Ndinalemba aganyu kukumba china. Pakutha pa mwezi ndinkagogoda makomo anayi, n'kumva nkhani zinayi. Mmodzi mwa omanga mabelo anandiuza kuti theka lake walipira, la mnzake ndikalifune ndekha.

Ndinapirira. Ndinkati bola ndalama zikubwera.

Kenaka msika unatsekedwa, patatha miyezi inayi. Mawu aja akuti wina akachoka atatu atsala anali oiwala chinthu chimodzi: onsewo anabwera ndi fodya, ndipo anapita ndi fodya. Kalaliki anabwerera ku Lilongwe. Omanga mabelo anapita kwawo kukasosa minda. Woyeza fodya anachoka osatsazika, ali ndi lendi ya mwezi wathunthu, natenga ndi loko yemwe. Telala anatsala masabata awiri, kenaka ananyamula makina ake pamutu, nati alimi atha ndalama, akayesa ku Msundwe.

Ndinakhala pakhonde n'kuwerenga ndi zala. Ngakhale onse akanalipira bwinobwino, miyezi inayi ija sikanakwanitsa mapaundi asanu. Mlangizi akanatipatsa mapaundi asanu ndi anayi pachaka, ine ndili kwathu ndikulima mtedza wanga.

Ndinameza manyazi, n'kupita kukafuna mlangizi uja ndi banja lake. Anali kukhala m'kanyumba ka udzu kodontha kuseri kwa sitolo ya Mmwenye. Mkazi wa mlangizi anavomera kudzaonanso. Analowa khomo loyamba, natuluka, nazungulira, nalowa lachiwiri, natulukanso. Anaima pabwalo, manja m'chiuno.

"Amayi, ana anga azigona uku, ine uko, mvula ikugwa ndizizungulira panja kukawafunditsa? Ife tinkafuna nyumba. Ili ndi khola la nkhunda."

Ndinati titsegulanso makomo a m'kati. Anandiloza pamwamba pa khomo lakumbuyo. Mtengo wauwisi uja unali utauma n'kupindika, chiswe chitalowamo, ndipo mng'alu unali utakwera mpaka kudenga, wolowa chala.

"Mukonze kaye icho," anatero mwaulemu ndithu. "Pepani."

Ndalama zokonzera zinali zitathera m'chimbudzi chatsopano ndi m'thumba la alamu. Nditawauza, anati tidikire msika wa chaka chamawa.

Nyumba yopanda munthu siidikira. Palibe ankakoleza moto, palibe ankatseka zitseko mphepo ikamawomba. Mbuzi zinagonamo. Ndinkapitabe kawiri pa sabata kukasesa ndi kuchotsa chiswe, ndinachirikiza khomo lija ndi mphanda ziwiri zimene ndinadula ndekha. Mvula ya mu Febuluwale inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi ndinapeza chipupa chakumbuyo chili pansi, kuyambira pakhomo lija mpaka pangodya.

Sabata yomweyo alamu anabwera ndi ngolo, nakhomola malata onse. Anati akukawasunga kuti akuba asawatenge. Anawasungadi bwino, pamwamba pa nyumba yawo, okhomera ndi misomali.

Ndinawalembera amuna anga zonse, mmene zinayendera. Yankho linabwera patatha miyezi iwiri, lalifupi. Anati achimwene awauza kale kuti sindinkapitako kawirikawiri, ndipo anafunsa kuti kodi mkazi amalephera bwanji kusamala nyumba ya zipinda zinayi zokha.

Kalatayo ndinaiwerenga kawiri, ndinaipinda, n'kuyamwitsa mwana. Makiyi atatu a maloko otsala aja ndinamumangira pa chingwe kuti aziseweretsa. Anamerera nawo mano a m'mbali.