Penshoni ya amalume ndi pakamwa panga

Ine ndili ndi matenda amene ngakhale madokotala onse a m'Chama atasonkhana sangawachize: munthu akandifunsa chinthu, pakamwa panga sipatuluka mawu akuti sindidziwa. Ndimaphunzitsa masamu ku sekondale pa boma, ndipo mwezi ukatha anzanga ankandiunjikira mapeyisilipi awo kuti ndiwamasulire. Ndinkazikonda zimenezo, ndisaname. Wina akati wakana zomwe ndanena, ndinkamukalipira mpaka agonje.

Amalume, alongo awo a amayi anga, ndiwo anandilera bambo atamwalira. Akazi awo ndimawaitana kuti amama mpaka lero. Amalumewo anaphunzitsa pulayimale ku Tembwe zaka zopitirira makumi atatu, akukhala m'nyumba ya sukulu. Pa boma anali ndi puloti, ndipo nyumba yawo inaima pa mawindo kwa zaka zambiri, udzu ukumera m'zipinda. Chimene ankafuna pa moyo wawo chinali chimodzi basi: tsiku lochoka m'nyumba ya sukulu, alowe m'nyumba yawoyawo yofolera malata, amama asakagone m'nyumba ya lendi atakalamba.

Tsiku lina Loweruka amalume anafika kwanga pa njinga yamoto, atamangirira kathumba ka mpunga kumbuyo. Tinapatsana moni m'Chisenga monga mwa masiku onse, koma atatulutsa envelopu m'thumba la jekete anatembenukira ku Chinyanja, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ndi ya ntchito.

“Mwana wanga, chaka cha mawa ndikwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu,” anatero. “Ndingapume pomwepo, kapena ndidikire zina zisanu. Maondo atopa. Mnzanga amene anapuma anandiuza kawerengedwe kake: amatenga malipiro a chaka chomaliza, n'kuwerengera ndi miyezi imene wagwira ntchito. Manje chimene sindidziwa n'chakuti malipiro ake ati? Besiki yokha, kapena zonse pamodzi ndi maalawansi?”

Ndinabweretsa peyisilipi yanga, n'kuiyala pa tebulo pambali pa yawo, ndipo ndinayamba kuphunzitsa mphunzitsi wanga. Ndinawaonetsa mzere wapamwamba, besiki, malipiro enieni a udindo wa munthu. Pansi pake alawansi ya nyumba, kenako ya thiransipoti. Iwo anali ndi inanso ya kumidzi, imene boma limapatsa ogwira ntchito kutali ndi tauni. Ndinati zonsezi, malinga zikubwera ngati ndalama mwezi ndi mwezi, a msonkho amaziphatikiza pamodzi, n'kusiya kagawo koyamba kamene lamulo silidula, kwinako n'kudula. Dzina lakuti alawansi silibisa ndalama kwa a msonkho.

“Nanga ya chakudya ija timalandira tikabwera ku wekishopu kuno?”

“Imeneyo ndi ina, amalume. Ija amakupatsani chifukwa mwachoka pa sukulu panu pa ntchito ya boma ndipo mwadya kwina. Akungokubwezerani zimene mwawononga, monga amachitiranso ndi ya kogona. Siilowa pa peyisilipi, sadula msonkho, ndipo ku penshoni saidziwa n'komwe. Koma mnyamata wa m'sitolo amene bwana wake amamuikira ya chakudya pa malipiro mwezi uliwonse, kwa iye imeneyo ndi malipiro, imawerengedwa limodzi ndi zina zonse.”

Mpaka apa ndinali kunena zoona, ndipo n'chifukwa chake anandikhulupirira pa zotsatira. Ndinaloza mzere wa penshoni pa pepala langa. Ndinatenga foni, n'kuwerengera iwo akuona: magawo asanu pa zana a malipiro anga onse, besiki, nyumba ndi thiransipoti pamodzi. Nambala inagwirizana ndendende ndi imene anandidula.

“Mwaona? Amadula pa zonse. Ndiye ngati adula pa zonse, adzalipiranso pa zonse. Tengani nambala yaikuluyi.”

Amalume anayang'anitsitsa pepala lawo, magalasi ali pa mphuno. “Koma dzina la thumba la penshoni pa langali likusiyana ndi lako.”

“Boma ndi limodzi, amalume,” ndinawadula mawu. “Musazunguze mutu ndi mayina.”

Mawu amenewo amandiwotcha mpaka pano. Pepala lawo linali pansi pa chigongono changa, foni ili m'manja, ndipo kuyesa nambala yawo kukananditengera nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya madzi. Sindinayese. Tinawerengera ndalama zimene munthu amalandira nthawi imodzi popuma, pa nambala yaikulu ija, ndipo zinakwana malata, zitseko, pulasitala, n'kutsalako zoyambira ulimi wa mpunga. Sabata yotsatira analemba kalata yopempha kupuma, popeza lamulo limafuna kuti udziwitse chaka chathunthu nthawi isanakwane.

Chaka chinatha. Kutatsala masiku ochepa kuti atsanzike, anandituma kukasiya mapepala ena ku ofesi ya maphunziro pa boma, kwa mayi woona za antchito. Mayiyo ndi munthu wofatsa, wa msinkhu wa amama. Akusanja mapepalawo, ine ndi pakamwa panga paja ndinatchula ndalama imene amalume akuyembekezera. Anasiya kusanja, n'kundiyang'ana.

“Aphunzitsi, nambala imeneyo wawapatsa ndani?”

“Ine. Ndinawerengera ndekha.”

“Pa besiki?”

“Pa zonse, monga amadulira.”

Anakoka mpando kuti ndikhale. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana wa giredi wani. Ife amene tinalembedwa ntchito chaka cha 2000 chitadutsa tili m'thumba la penshoni la dziko lonse, ndipo kumeneko amadula pa malipiro onse, maalawansi a mwezi ndi mwezi ali momwemo. Koma amene analowa ntchito ya boma kale, monga amalume, anatsala m'thumba lakale la antchito a boma. Kumeneko amadula pa besiki yokha, ndipo penshoni amaiwerengeranso pa besiki yokha. Ya nyumba, ya thiransipoti, ya kumidzi, zonsezo msonkho umazidya ndithu, koma pa tsiku lopuma sizioneka.

Ndinayamba kukangana naye, poti ndi khalidwe langa. Ndinati n'kuba kumeneko, ndalama imodzi ikhale malipiro kwa a msonkho koma isakhale malipiro kwa a penshoni? Iye sanakweze mawu. Anangotulutsa peyisilipi ya amalume m'fayilo n'kunena kuti, “Inu ndinu a masamu. Yesani mzere wawo wa penshoniwo pa besiki.” Ndinayesa. Inagwirizana mpaka ngwee yomaliza. Nditachotsa maalawansi pa kawerengedwe kathu kaja, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamayo linasowa.

Ndinafunsa ngati kalata ija ingabwezedwe. Anati inavomerezedwa kale ku likulu, tsiku lopuma linalembedwa, ndipo mphunzitsi wolowa m'malo mwawo anatumizidwa. Anati amalume angalembe kudandaula ngati afuna, koma iye sanganamize munthu wamkulu kuti pali chiyembekezo. Ndinatuluka mu ofesimo osatsanzika, ndipo ndinakalirira kuseri kwa thanki ya madzi monga mwana wasukulu.

Phwando lotsanzikana linali Loweruka lake ku Tembwe. Ndinakwera galimoto ya kantara yonyamula matumba, njira yonse ndikukonza mawu owauzira, koma nditafika ndinapeza anthu adzaza kale pansi pa mitengo ya pa sukulu. Makolo anabweretsa nkhuku, mbuzi, wina mpando wa ndalema. Katundu wa mphunzitsi watsopano anali ataunjikidwa kale pa khonde la nyumba ija, akudikira kuti eni akale atuluke. Amama anali kalikiliki ndi alendo, atavala chitenje chatsopano, akuuza aliyense kuti mvula ya chaka chino idzawapeza pa boma.

Amalume ataimirira kulankhula, anathokoza makolo ndi aphunzitsi anzawo, kenako anandiloza.

“Imirira, mwana wanga, akuone. Uyu ndinamuphunzitsa kuwerenga ndi timiyala, lero ndiye amandiwerengera ine. Pakanapanda uyu, bwenzi ndikukokabe maondowa zaka zina zisanu.”

Anthu anaomba m'manja, azimayi akululutira. Ndinaimirira. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire, ndipo ndinadzida ndi mtima wanga wonse.

Anthu atayamba kudya ndinawakokera amalume kuseri kwa kalasi. Mawu onse ndinakonza m'njira aja anathawa, ndinangonena mosazungulira: ndinalakwitsa, thumba lawo si langa, maalawansi sawerengedwa, ndalama idzachepa kwambiri. Anakhala pa njerwa zimene zinali pamenepo, n'kuvula magalasi.

“Ya nyumba yokhayo, nayonso ayi?”

“Nayonso ayi, amalume.”

“Kalata ija?”

“Ndafunsa. Akuti inapita kale.”

Anapukuta magalasi ndi nsonga ya tayi. Ine ndinkafuna andikalipire, anditukwane, ngakhale kundimenya khofi pamaso pa anthu onsewo ndikanalandira. Iwo anangofunsa ngati yotsalayo ingafolere zipinda ziwiri. Ndinati mwina, koma ulendo uno akafunse kwa mayi wa ku ofesi uja, asamvere ine.

“Amama ako ndiwauza ndekha,” anatero akuimirira. “Ndidzati ndinasokoneza ndine powerengera. Iwe usatsegule pakamwa. Anakulera, asakuone ndi diso lina.”

Ndinakana, ndinati bodza limenelo sindingalisenze. Anandiyang'ana monga ankachitira ndili mwana, n'kunena kuti nyumba ndi yawo, mkazi ndi wawo, ndipo kamodzi kokha pa moyo wanga ndimvere osayankha. Kenako anabwerera kwa alendo, ndipo ndinawaona akuseka ndi wapampando wa makolo.

Ndalama zitabwera, zinafolera zipinda ziwiri ndi pabalaza. Mbali inayo ikadali pa mawindo, amama anadzalamo tomato. Amalume amaphunzitsa ana a anthu masana pa khonde kuti apeze ya sopo, maondo omwe aja. Ine mwezi ukatha ndimapititsako simenti thumba limodzi kapena awiri, ndipo amama amandidalitsa mpaka ndimasowa poyang'ana.

Sabata yatha ndinali komweko mvula itagwa, madzi akulowa pansi pa chitseko kuchokera ku mbali yosafolera. Amama anali kukolopa akung'ung'udza, amalume atakweza miyendo pa mpando.

“Mphunzitsi wathunthu kulephera masamu a penshoni yake yomwe,” anatero amama, akufinya chiguduli m'ndowa. “Mwana wa masamu tili naye m'banja momwe muno. Mukanangomufunsa uyu.”

Amalume anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ine ndinatenga ndowa ija n'kukataya madzi panja.