Mtedza Wobatiza wa Alamu

Alamu anga amagulitsa mtedza ku Mgona, ndipo anayamba kundilemekeza tsiku limene anakumbukira kuti ndinaphunzitsapo Chifalansa kusekondale. Zaka zonsezo ankati ndinaphunzira chilankhulo chosagula ndiwo.

Anandipeza kwathu ku Area 25 Loweruka m'mawa, foni ili m'manja. Munthu wina wa ku Lubumbashi ku Congo anawatumizira imelo ya mgwirizano wogula mtedza m'Chifalansa, iwo n'kuimasulira pafoni kupita m'Chingerezi.

"Mungoponyapo diso, alamu. Makina amaliza kale, inu mungodalitsa."

Zinandinyansa, koma achemwali anga amadya za mtedza womwewo. Ndinatenga pepala n'kuligawa pakati, uku za Chifalansa, uku za makina. Ndinayamba ndi manambala ndi masiku, kenaka chiganizo chilichonse chonena amene ayenera kuchita chinthu.

Makina analemba matani 285. Mwini wake analemba 28,5, pakuti kwawoko kachizindikiro kameneko kamagwira ntchito ya kadontho kathu. Alamu anali atalengeza kale msika wonse kuti akufuna mathiraki khumi, chonsecho inali imodzi.

Tsiku lopakira linali 07/06, kutanthauza pa 7 Juni. Makina analitembenuza Chimereka n'kulemba 6 Julaye. Mwezi wathunthu umene alamu ankadalira kuti mtedza uuma kunalibe, anatsala ndi masiku asanu ndi anayi.

"Zimenezo n'zazing'ono," anatero, thukuta lili kamukamu.

Chachikulu chinali m'munsi. Chinyezi chikapitirira 8 peresenti pofika, katundu abwezedwa. Makina anati wolipira ulendo wobwererawo ndi wogula. Ndinawerenga katatu ndi chala, ndipo Chifalansa chinkanena wogulitsa.

Apa ndiulule za kubanja. Anthu ena amawaza madzi mtedza kuti usasweke poswa makoko. Alamu anga amawaza ngakhale woswa kale, kuti sikelo iwakomere mtima. Iwo amati kubatiza, ndipo mbatizi wakhama ngati iwo sindinamuone kutchalitchi kulikonse.

"Sitingayendere za makinazi? Zikumveka bwino kuposa zanu," anatero alamu.

Ndinawaonetsa mzere womaliza, umene makinawo anamasulira bwinobwino: pakakhala kusamvana, mawu a Chifalansa ndiwo adzagwire ntchito.

"Mwayankha kale?"

"Dzulo. Ndinati zonse ndavomera."

"Nanga mtedza?"

Anayang'ana nsapato zawo. Matumba oyamba anali atabatizidwa Lachinayi.

Ndinawamvera chisoni, ngakhale sindinafune. Thiraki ikanabwerera kuchokera ku Congo, bizinezi yonse ikanathera pamsewu. Ndinawauza kuti amasule matumba onse, ayanike pamalona mpaka tsiku lopakira, abwereke kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo chidebe achibise kutali.

Kenaka anandifunsa motsitsa mawu, ngati munthu amene wauzidwa za maliro:

"Ndiye mukuti ndiwagulitse mtedza wokhawokha?"