Funso lachisanu ndi chiwiri silinali lolakwika

Chaka changa chachiwiri cha uphunzitsi, pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nsaru, anandipatsa masamu a Fomu 4. Kalasi imeneyo ndinaikonda kwambiri. Itafika nthawi ya mayeso a moko, amene sukulu zisanu za m'dera lathu zinkalembera pamodzi, anandiuza kuti ndiperekeko funso limodzi. Ndinapereka ili: pezani nambala imene mukaiika m'malo mwa x mu 2x³ − x² − x − 3, yankho lituluke ziro. Linali funso lachisanu ndi chiwiri.

Pochonga tinasonkhana m'kalasi imodzi. Wotsogolera anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo kwathu, amenenso anandiphunzitsa ineyo ndili mtsikana. Anayamba ndi funso langa.

"Funso ili tikulichotsa," anatero. "Ndayesa 1, −1, 3 ndi −3, palibe yotulutsa ziro. Mwana wathuyu analakwitsa polemba."

Anzanga anagwedeza mitu ngati ali m'tchalitchi. Ahedi a pasukulu yathu anandikokera panja. "Mwatichititsa manyazi, madamu. Lowani mukapepese. Mukapanda kutero, Fomu 4 ndipatsa wina."

Mtima unandipsa. Vuto ndinkalidziwa, chifukwa nanenso ndinakulira momwemo. Bambowa ankaphunzitsa kuyesa manambala ogawa nambala yakumapeto basi, ndipo mafunso a m'kope lawo lakale onse ankayamba ndi x³ yopanda nambala kutsogolo, choncho njirayo sinawagwiritsepo mwala. Langa linkayamba ndi 2.

Ndinalowa, koma sindinapite kumene bambo aja anakhala. Ndinapita kubolodi.

"Bambo, mundilole ndigwire choko."

"Choko cha chiyani, mwanawe?"

"Ndikufuna ndione pamene ndinalakwa."

Ndinayamba kulemba. Ndinafotokoza kuti ngati yankho lili nambala yathunthu kapena fulakishoni, yapamwamba pake iyenera kugawa nambala yakumapeto ija, 3, popanda chotsala. Ndiye kuti 1 kapena 3. Yapansi iyenera kugawa yakutsogolo, 2. Ndiye kuti 1 kapena 2. Ndinazindandalika zonse: ±1, ±3, ±1/2, ±3/2.

"Zoyesa zilipo zisanu ndi zitatu, bambo. Inu mwayesa zinayi."

Mphunzitsi wina wa ku Kabudula anatsokomola dala, eti kundichenjeza.

"Ndiye tikhale pano mpaka dzuwa lilowe, kuyesa mafulakishoni?" bambowa anafunsa.

"Ayi. Ntchito yambiri mwaigwira kale inu. Mutaika 1 munapeza chiyani?"

"−3."

"Nanga mutaika 3?"

Anasuzumira papepala lawo. "39."

"Kuchoka pansi pa ziro kukafika pamwamba pake, ndiye kuti pakati pa 1 ndi 3 tadumpha ziro penapake. Pamndandandawu, ili pakati pamenepo ndi imodzi yokha, 3/2. Tiyambire imeneyo."

Sindinavutike ndi kuchulukitsa fulakishoni katatu. Ndinalemba manambala okha mumzere: 2, −1, −1, −3. Ndinatsitsa 2, kuchulukitsa ndi 3/2, kupeza 3, kuphatikiza ndi −1, kutsala 2. Kuchitanso chimodzimodzi, 2 winanso. Komaliza 3 anakumana ndi −3. Ziro ameneyo ndinamulemba wamkulu ngati chipewa, ndipo ndivomere, ndinachitira dala.

Bambowa anavala magalasi, nabwereza okha papepala, pang'onopang'ono. Anali munthu woona, zimenezo sindingawalande. "Funso likhale," anatero osandiyang'ana.

Pochonga tinapeza kuti ana anga ambiri analikhoza. Tikadalichotsa, malikisi amenewo akadapita ndi mphepo.

Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Lolemba ahedi anandiitana muofesi.

"Masamu munakhoza, madamu, sitikukana. Koma munthu wamkulu sadzudzulidwa pagulu. Mukadadikira, n'kukawauza pambali. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, eti?"

"Pambali pake liti, ahedi? Funso linali litachotsedwa kale."

"Mupite kunyumba kwawo mukapepese. Mukatero kalasi ndi yanu."

Ndinaganizira ana anga aja, amene anatsala ndi miyezi yochepa kuti alembe mayeso aboma, ndipo misozi inalengeza. Kugwada sikundivuta. Bambowa ndimawagwadira Lamlungu lililonse powapatsa moni, ndipo ndimatero ndi mtima wonse. Koma ndikadakagwada tsiku limenelo, ndikadati ndikupepesa chiyani?

"Ahedi, mundilembere papepala pamene ndinalakwa, ndikawawerengere."

Anatsegula kabati n'kutulutsa buku la masamu la Fomu 1, kalasi yanga yatsopano. Ndinalilandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu wathu. Zinandipweteka kwambiri kudutsa pawindo la Fomu 4 ana anga akundiyang'ana. Koma sindinapite kukapepesa, ndipo mpaka lero sindinapiteko.