Chipepeso cha pa Wayilesi

Bambo anga anafera mu thiraki yawo pamzere wa pachipata cha m'malire cha Mwami, akudikira mapepala a katundu. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo mankhwala ankamwa pokhapokha akakumbukira. Madalaivala anzawo anawapeza atatsamira chiwongolero. Chaka chomwecho okala ya mayi anga, ya zitenje zopikula ku Chipata, inayamba kuyenda bwino, mpaka anakhoma malata atsopano. Kwathu kuno zinthu ziwiri zotere sizingachitike chaka chimodzi anthu n'kungokhala chete.

Kunali kawayilesi ka m'dera lathu komwe tonse tinkakakonda. Mbuzi ikasowa, fetereza akafika, munthu akamwalira, tinkamvera pomwepo. Loweruka masana kunali pulogalamu yoimba foni, ndipo muulutsi wake anali bambo wina wa mawu onona, wodziwa kukoka nkhani m'kamwa mwa munthu. Tsiku limenelo ine ndi mayi tinali mu okala, tikupinda zitenje, wayilesi ili pashelefu. Anaimba mayi wina, ndipo mawu akewo tinawadziwa asanamalize moni. Anali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo.

Anati alipo amayi ena amene amapha amuna awo kuti bizinesi iyende. Muulutsi uja, m'malo modula foni, anaseka n'kunena kuti, "Aaa, mayi, musatisiye m'malere. Amayi ake ati?" Azakhali anatchula dzina la mayi anga lonse, n'kuwonjeza kuti ndi a zitenje pafupi ndi depoti. Iye anabwereza dzinalo pang'onopang'ono, kuti wakumva pang'ono naye amve.

Mayi anamaliza kupinda chitenje chomwe chinali m'manja mwawo. Ine ndiye mpaka lero kuseka kuja sindinakuiwale.

Mlungu wotsatira amayi a m'mudzi mwathu anayamba kudutsa okala yathu chozungulira. Kutchalitchi benchi ya mayi inayamba kukhala ndi malo ambiri. Mayi anga sankafuna chindapusa kapena kumangitsa munthu. Ankangofuna kuti pakamwa pomwe panawadetsa pawayeretse.

Tinayamba ndi mkulu wa wayilesiyo. Anatilandira ataimirira, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anati woimba foni ndi woimba foni, iwo sangatseke anthu pakamwa. Nditati tikadandaula kuboma, analoza chithunzi pakhoma, cha nduna ikudula riboni tsiku lotsegulira wayilesiyo.

"Boma lake liti, mwana iwe? Ilo apo."

Ndinakhulupirira, chifukwa ndi mmene tinkadziwira zinthu. Mphunzitsi akavuta, mumakaonana ndi phungu, phungu n'kunong'oneza nduna, mphunzitsi n'kusamutsidwa. Komabe ndinawakoka mayi mpaka ku ofesi ya zofalitsa nkhani paboma, yomwe ili pansi pa unduna. Tinapezamo bambo wina wotopa, akudya mtedza pa nyuzipepala.

"Mayi, mwasochera khomo," anatero. "Ife a unduna timakonza mfundo za boma, timafalitsa zimene boma likuchita. Laisensi ya wayilesi sitipereka ife, sitilandanso ife. Pali bungwe lapadera, lokhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, lili ndi bodi yakeyake. Limayendera ndalama zomwe mawayilesi ndi makampani a foni amalipira, silidikira kuti nduna ilipatse. N'chimodzimodzi magetsi: mtengo saukweza a unduna, kampani imapempha ku bungwe lake. Madzinso, wofuna kutchinga mtsinje chilolezo amakatenga ku bungwe la madzi."

Ndinafunsa ngati nduna ya pachithunzi ija singangoimba foni nkhani n'kufera m'mazira. Anapukusa mutu. Anati nduna itha kupereka mfundo za mmene zinthu ziyendere m'dziko, koma singalamule kuti mlandu wa uje uweruzidwe chonchi. Wosakhutira ndi chigamulo amapita kukhoti. Kunena zoona ndinasangalala kwambiri. Ndinaganiza kuti tapeza khomo lomwe mkulu wa makiyi uja alibe kiyi wake.

Dandaulo ndinalemba ine, mayi n'kusaina. Panapita nthawi ndithu, mpaka tinayamba kuiwala. Kenako tinamva kuti bungwe lija laitanitsa mawu ojambulidwa a pulogalamu ija, poti wayilesi iliyonse imayenera kusunga zomwe yaulutsa, ndipo lauza mkulu uja kuti akayankhepo. Makiyi aja anasiya kulira.

Apa ndi pomwe ndinadziwira anthu akwathu. Mphekesera inabuka yoti wayilesi itsekedwa. Sindikudziwa anaiyambitsa ndani, koma muulutsi uja ankati akatsegula maikolofoni amayamba ndi kuusa moyo, n'kumati, "Timvereni lero, abale, mawa sitikudziwa." Anthu omwe aja anakhala chete mayi akunenedwa anapeza pakamwa. Wakabaza wina anandikana, nati njinga yake sinyamula ana a anthu otseka mawayilesi. Pakhomo la okala tinapeza wina atathirapo madzi a nsomba.

Kenako kunabwera amayi a chigwirizano cha kutchalitchi, atavala yunifolomu, ngati akudzapepesa maliro. Anakhala pamphasa, anapemphera, ndipo wapampando wawo anayamba.

"Mayi, ife tabwera mwachikondi. Wayilesi ija ikatsekedwa, maliro tizilengeza kuti? Mwayamba mwaganiza kuti anthu aziti chiyani? Aziti anayamba ndi mwamuna, tsopano wapha wayilesi."

Ananena zimenezi akumwa tiyi wa mayi anga. Ine ndinafuna kuwalanda makapuwo, koma mayi anandiyang'ana, ndinakhala pansi.

Atachoka, mayi anati, "Mwanawe, tiisiye nkhaniyi. Ndatopa."

Ndinakana, ndinalira, koma dzina linali lawo, osati langa. Anachita zomwe munthu aliyense wakwathu akanachita. Anasenda mtedza wodzaza lichero, anagwira tambala, tinapita kwa phungu wa dera lathu, yemwe anthu ankati amadyera mbale imodzi ndi nduna. Tinamupeza pakhonde. Mayi anagwada pasimenti, munthu wamkulu kuposa iye, n'kupempha kuti auze nduna iimitse mlandu womwe anauyambitsa okha.

Phunguyo anaseka, osati mwankhanza, koma ngati munthu amene wamva nthabwala yakale.

"Mayi, mukuganiza kuti sindinayese? Wayilesi ija ndimaifuna kuposa inu, kampeni ndimapangira pomwepo. Ukanakhala unduna, bwenzi nditaimba foni pompano, fayilo n'kusowa. Koma ajawa ali ndi bodi yawo. Inde, amasankhidwa ndi apamwamba, ndipo pa milandu ikuluikulu anthu amanena zambiri. Koma nduna iti ingaike dzina lake pangozi chifukwa cha kawayilesi ka ku Mchinji? Walira mvula walira matope, mayi."

Tambala uja sanabweze. Tikutuluka pageti tinamva akuuza wantchito kuti amumange kuseri.

Mawa lake mayi anandiuza kuti ndiimbire bungwe lenilenilo. Anayankha mayi wina waulemu kwambiri. Mayi anga anatenga foni ndi manja awiri, n'kunena kuti akhululuka, nkhani ithe.

"Tamva, mayi, ndipo tilemba kuti mwatero," anayankha. "Koma pulogalamu ija taimvera kale. Funso tsopano ndi loti kodi wayilesi inatsata zomwe zili mu laisensi yake kapena ayi. Limenelo ndi la pakati pa ife ndi iwo."

Ufulu womwe uja ndinausangalalira, woti palibe angalipinde bungwelo, unali utatitembenukira. Nduna sikanatha kuliimitsa, ndipo mayi wa zitenje sakanathanso.

Chigamulo chitabwera, chinali chotikomera. Wayilesi sinatsekedwe, ndipo ndikukayika ngati nkhani yotseka inalipo n'komwe. A bungwe aja anaichenjeza, n'kuilamula kuti ipepese poyera, pa nthawi yomwe anthu ambiri amamvera. Sindinganene kuti analakwa. Anachita zomwe lamulo limawalola, ndipo anachita mwachilungamo. Kungoti iwo anali kutali, sankadziwa mawu a muulutsi uja.

Loweruka lotsatira tinali mu okala momwemo. Mayi anavala chitenje chatsopano, anakweza wayilesi kuti apafupi amve. Muulutsi anayamba ndi kutsokomola.

"Talamulidwa kuti tipepese," anatero, akukoka liwu loyambalo. Anatchula dzina la mayi lonse, ndi okala, ndi depoti. "Pa pulogalamu yathu zinanenedwa kuti mayiwa anapha amuna awo kuti bizinesi iyende." Apa anapuma, kupuma kwautali koti munthu n'kumwa madzi. "Ife umboni tilibe. Tikupepesa."

Palibe liwu limodzi lomwe munthu akanakadandaula nalo. Zonse zolamulidwa zinalimo. Anabwereza madzulo ake, anabwerezanso tsiku lotsatira, anthu atangoweruka kutchalitchi. Pulogalamu yoyamba ija inamveka kamodzi, ambiri ali kumunda kapena kumsika. Chipepesochi chinafika ku Ludzi, ku Guilleme, mpaka tsidya la malire komwe mayi ankapikula katundu.

Ndinawauza mayi kuti tapambana. Ndinawauza kangapo, mokweza, ngati ndikulankhula ndi munthu wogontha. Iwo anangozimitsa wayilesi n'kuitembenuzira kukhoma.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina wa ku Chiosya, kasitomala wakalekale, amene chaka chilichonse akagulitsa fodya ankagula zitenje kwa ife. Mayi anamulandira ndi chimwemwe, poti anali munthu woyamba kulowa mu okala mosayang'ana kumbuyo. Anamukokera mpando, koma iye sanakhale. Anatulutsa m'jumbo chitenje chomwe anagula mwezi wathawo, chosachapa n'komwe, n'kuchiika pa kauntala ndi nsonga za zala.

"Pepani, mayi, bambo akunyumba akuti chisagonenso m'nyumba mwathu. Ndalama musavutike nazo." Anayang'ana pansi, kenako anawonjeza motsitsa mawu. "Ifetu kwathu sitimadziwa kalikonse. Tangomva dzulo, pa wayilesi, akukupepesani."

Mayi anatenga chitenjecho, anachikutumula, n'kuyamba kuchipinda.