Nyenyezi Zisanu za Sukulu ya Atsikana

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anakhoza mayeso a sitandade eyiti koma osasankhidwa, fodya wathu anayenda bwino ku okushoni. Bambo ake anati ndalamazo zisathere m'malata, mwana apite ku sekondale yolipira, yogonera konko. Sindinakane. Chimene tinasiyana ndi sukulu yake.

Iwo ndi mwana wawoyo anali ataipeza kale pa foni. Ukalemba dzina la sukulu pa mapu, pamabwera nyenyezi zimene anthu aipatsa, kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo foni imaziphatikiza n'kuonetsa zapakatikati. Sukulu ina ya kufupi ndi Kasungu boma inali pafupifupi zisanu zathunthu. Ina ya ku Kaluluma inali zitatu ndi kachidutswa.

"Mayi mwana, apa palinso chokambirana?" anatero bambowo. "Anthu anena kale."

Ine ndinakulira m'chigafa, kusankha fodya, ndipo ndikudziwa belo loikidwa masamba okongola pamwamba, zinyalala zili mkati. Chinthu chikakoma mbali zonse, mtima wanga sukhala m'malo. Ndinalanda foniyo n'kutsikira pansi pa nyenyezi, pamene pali mawu amene anthuwo analemba.

Ndinayamba ndi ya ku Kaluluma ija. Bambo wina anaipatsa nyenyezi imodzi, koma analemba kuti, "Sukulu yabwino zedi, aphunzitsi olimbikira, nambala wani." Ndinaseka ndekha. Mkuluyu ankayesa kuti imodzi ndiye yapamwamba, monga mwana akakhala nambala wani m'kalasi, osadziwa kuti akuigwetsa sukulu imene akuikonda. Analipo enanso otero. Mayi wina anaipatsa ziwiri n'kudandaula poyera kuti nyemba zimachuluka ndipo mpanda unagwa mbali imodzi. Ameneyo ndinamukhulupirira, chifukwa mawu ake ndi nyenyezi zake zinkayendera limodzi.

Kenako ndinatsegula ya zisanu ija. Ambiri anangodina nyenyezi osalemba kanthu, ndipo pafupifupi onse anadina mwezi umodzi. Amene analemba, analemba ngati akupepesa maliro. "Tikuthokozabe." "Mulungu ndiye amasunga ana athu." Wina anati, "Mwana wanga wapirira, madzi amabwera nthawi zina, ahedi ndi munthu wolemekezeka."

Ndinawawerengera bambo ake mokweza. Iwo anati vuto langa ndi lokayikira chilichonse, ngakhale mvula ikugwa ndimatulutsa dzanja kaye. Mwana naye anakwiya, poti anali ataona zithunzi za geti lopaka utoto ndi yunifolomu ya tayi. Koma ndani amayamikira sukulu ponena kuti mwana wapirira? Munthu wokondwa amatchula chimene chamukondweretsa. Awa sanatchule chakudya, mphunzitsi, ngakhale mayeso.

Pa ndemanga iliyonse pamaoneka dzina la wolemba, ena ndi chithunzi chomwe. Nkhope ya mayi wa "wapirira" uja ndinaizindikira. Tinkakumana pa misonkhano ya amayi a kumpingo, ndipo ankagulitsa tomato pa msika wa ku Kaluluma. Tsiku la msika ndinakwera kabaza kuchoka kwathu ku Simlemba, osauza munthu chimene ndikukatsata.

Ndinawapeza akuika tomato m'milu. Tinapatsana moni, tinafunsana za kunyumba, za mitengo ya fodya, mpaka ndinatulutsa foni.

"Amayi, mundikhululukire. Wanga akufuna kupita kumene kuli wanuku. Nyenyezi zanu zikuti ndimutumize, koma mawu anu akundibweza. Ndimvere ziti?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandikokera kuseri kwa benchi.

"Tsiku loona ana anatisonkhanitsa muholo," anatero motsitsa mawu. "Akuti aliyense atulutse foni, adine zisanu. Ahedi akuyendayenda kumbuyo kwathuku, kusuzumira. Dzina langa lili pomwepo, la mwana wanga akulidziwa. Mukanakhala inu mukanadina zingati?"

Anandiuza kuti mjigo wa pasukulupo unafa kalekale. Atsikana amakatunga madzi kudambo m'mamawa, okhaokha, popanda wamkulu wowaperekeza, ndipo njira yake imadutsa kuseri kwa malo omwera mowa. Mwana akadandaula kwa makolo, ahedi amamudziwa, ndipo teremu yonse imamuwawa.

Ndinapsa mtima, ndipo ndinawapsera iwo amene. Ndinawafunsa chifukwa chake sanakasinthe atafika kunyumba, poti ndemanga munthu amatha kuikonza. Tikanangoona nyenyezi, ife tikanamutumiza mwana.

"N'chifukwa chake ndinalemba mawu aja," anatero. "Pamene ndikanatha kufika ndi pomwepo. Ndinkati mwina wina adzawerenga."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndinangomva chisoni. Ndinawauza kuti wanga apita ya pafupiyi, ya nyemba zambiri ndi mpanda wakugwa, ngakhale andikwiyire chaka chonse. Anagwedeza mutu, akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje.

"Mwachita bwino. Wanga ali fomu folo, ndamulipirira kale mayeso pomwepo, sindingamuchotse. Mpaka atalemba pepala lomaliza n'kutuluka pagetipo ndi chikwama chake, nyenyezi zija zikhala zisanu."