Nkhoswe Yakana Kuchitira Umboni

Talandira wa ku Chezi amadziwika ndi nazale za fodya, koma chaka chino nazale yake yangomera udzu. Mwamuna wake Aroni anamwalira atangogulitsa fodya, ndalama zonse zili ku banki ku Mponela.

Talandira atapita ndi chikalata cha imfa, a ku banki anam'pepesa bwinobwino, n'kutseka akaunti. Anati ndalama zituluka akabweretsa makalata omuloleza kuyang'anira chuma cha masiye, ndipo ayambire kwa a DC ku Dowa. Kumeneko anati lamulo lili kumbali yake, pakuti chumacho n'cha mkazi ndi ana. Chinangotsala ndi umboni wa ukwati. Iwo sanakwatitse ku tchalitchi, anangomanga chinkhoswe, choncho anamuuza kuti abwere ndi ankhoswe a mbali zonse.

Nkhoswe ya kuchimuna ndi a Nathaniel, akulu ake a malemuyo. Potsegula akaunti ali mnyamata, Aroni analemba iwowo ngati m'bale wodziwitsidwa pakagwa vuto, ndiye amati ndalamazo n'zawo. A ku banki anawauza kuti kulembedwa dzina kumeneko si wilo yogawa chuma, koma sakumva.

"Alamu, tiyeni mukangonena zomwe munaona," anawachonderera Talandira atagwada.

"Ndikanene kuti ndidzilande ndekha?"

Mvula yagwa, alimi anzake a Talandira awokera fodya, faelo ili phee ku boma. Talandira anabereka ana pakhomo pomwepo, anadwazika mwamuna wake, analira maliro mudzi wonse ukuona. Koma munthu amene akanangoti "uyu ndi mkazi wanga" nkhani n'kutha, ndi yemweyo amene Talandira anamuika m'manda.