Ziwiri pa Handiredi za Bambo Lumo

Amuna anga anagwira ntchito yodula mapepala pa kampani yosindikiza mabuku kwa zaka makumi atatu. Anzawo ankawatchula kuti Lumo, chifukwa mulu wa mapepala umene iwo adula unkasalala m'mbali ngati galasi. Madzulo ankabwera tizidutswa ta mapepala tili m'tsitsi ndi m'makwinya a buluku, ndipo ine ndinkatitola kamodzikamodzi iwo akundiuza za makina awo.

Makinawo anali akale, achitsulo chakuda, okhala ndi chogwirira chachitali chimene chinachita kunyezimira ndi dzanja lawo. Ankawapaka mafuta okha, osalola wina kukhudza mpeni wake. Nditapitako ulendo wina kukawapatsira mankhwala amene anaiwala, ndinaima pakhomo osafuna kulowa. Ndinawaona akugunditsa mapepala patebulo kuti alingane, akuuzira mpweya pakati pake, kenako mpeni n'kutsika kuti tswa. Sanandione msanga. Nkhope imene anali nayo pamenepo kunyumba sindinkaiona kawirikawiri.

Zofuna zawo zinali ziwiri basi, ndipo zonse ankayembekezera kudzazipeza pa penshoni. Choyamba, kugula nyumba imene tinkachita lendi, pakuti eni ake anali atalonjeza kuti adzatigulitsa. Chachiwiri, kugula makina aja. Abwana anali atawauza kuti tsiku limene adzabweretse makina amagetsi, pogulitsa akalewo adzayamba kufunsa iwo.

"Mayi, tidzawaika m'chipinda chakuseri," ankatero. "Ine kudula, inu kusoka makope. Ana asukulu azidzachita mzere pakhomo."

Pafupi ndi makina awo pankagwira ntchito mnzawo wapamtima, woyendetsa makina osindikiza, amene aliyense ankamutchula kuti Inki chifukwa zala zake sizinkayera ngakhale Lamlungu. Awiriwa analembedwa ntchito m'mwezi umodzi, malipiro awo anali ofanana, ndipo ndalama zodulidwa kupita ku penshoni zinali zofanananso.

Ali anyamata, kampani inawapatsa mwayi wosankha pakati pa mathumba awiri a penshoni. Thumba loyamba linkadula zisanu pa handiredi iliyonse imene munthu waponya, kenako theka la imodzi pa handiredi pachaka. Lachiwiri silinkadula kanthu poponya, koma linkatenga ziwiri pa handiredi pachaka. Munthu wa thumba lachiwirili anabweranso ndi maambulera ogawa.

Amuna anga anafika kunyumba tsiku limenelo atanyamula ambulera yobiriwira, kunja kulibe ndi mtambo womwe.

"Inki wapusa," anatero akuvula nsapato. "Wasankha koduladula. Zisanu! Ine ziwiri basi. Ziwiri pa handiredi ndi zimene timaika pambali tikamadula, za mapepala owonongeka. Palibe ntchito yopanda zotaya. Amene akuti ziwiri ndi munthu wodziwa ntchito."

Pa ntchito yawo zinalidi choncho. Munthu akafuna makope handiredi, ankawonjezera mapepala awiri a zowonongeka, kamodzi, ntchito n'kutuluka. Mawu oti "pachaka" anawamva, koma anawamva ngati ziwiri pa ndalama zoponyedwa chaka chimenecho.  Ine ndinangoyamikira ambulera.

Zaka zinapita. Mwana wathu wamkazi anakula akujambula pa zidutswa zimene bambo ake ankabwera nazo. Inki ankabwera Loweruka lililonse kudzasewera makhadi pakhonde, ndipo kukagwa mvula sankalephera kunena kuti, "Achimwene, ndibwerekeni penshoni yanu ija ndifike nayo pa basi." Amuna anga ankayankha kuti, "Kafunseni azisanu anu aja akugulireni." Ankaseka mpaka makhadi kugwa.

Iwo ndi Inki anapuma ntchito m'chaka chimodzi. Inki ndiye anayamba kulandira zake, ndipo anabwera kudzatiuza kuchuluka kwake mosabisa, monga ankachitira pa chilichonse. Amuna anga anawerengera pa zala n'kuona kuti ndalama zoterozo zikwanira nyumba ndi makina omwe, ndiye anati zawo zikhala zoposa pamenepo. Tsiku lopita ku ofesi ya penshoni anandiuza kuti ndiwaperekeze. Anavala jekete.

Mayi wa pa desiki anatembenuza kompyuta kuti tione. Gawo limene ankaloledwa kutenga nthawi imodzi linali lochepa poyerekeza ndi la Inki, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ya mwezi ndi mwezi inali yochepa chimodzimodzi.

"Mwana wanga, onaninso bwino," anatero amuna anga. "Mnzangayo ankadulidwa zisanu. Ine ziwiri."

"Zisanu zawozo zinali za kamodzi, bambo, pa ndalama imene ikulowa," anayankha mayiyo mwaulemu. "Ikalowa, ankangoidula theka la imodzi pachaka. Zanu ziwirizi timatenga chaka chilichonse pa ndalama zonse zimene zili m'thumba, zakale ndi zatsopano, ndi phindu lomwe. Ndiye zimene zachotsedwazo sizibalanso phindu zaka zotsatira."

"Ndiye kuti ndalama imene ndinaponya chaka choyamba..."

"Yadulidwa maulendo makumi atatu, bambo."

 Ndinaona dzanja lamanja la amuna anga likutsika pang'onopang'ono pa bondo, n'kukweranso, n'kutsikanso, monga linkachitira pa chogwirira.

"Mulu womwewo," anatero motsitsa mawu. "Kuubweza pa mpeni chaka ndi chaka. Ukatero buku limatsala laling'ono."

Sanakalipe. Palibe amene anawanamiza, ndipo iwo anadziwa zimenezo. Panjira anandigulira zakumwa zoziziritsa kukhosi, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, tinakhala pa benchi pafupi ndi pokwerera basi.

"Mayi, ndalamazi zikwanira chimodzi," anatero. "Nyumba kapena makina."

Ndinadziwa chimene mtima wawo unkafuna. Ndinati lendi tinaizolowera, tikhoza kupitiriza. Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono.

"Inu mudzagona pansi pa mpeni ine ndikadzapita?"

Tinagula nyumba. Makina anagulidwa ndi munthu wina wa kutali, ndipo tsiku lowanyamula amuna anga anapita kukathandiza kumasula mpeni, kuti anyamata onyamula asadzicheke. Inki anali atafuna kuwabwereka ndalama zogulira makinawo, iwo anakana. Kuyambira pamenepo Inki sanatchulenso za ambulera, mpaka tsiku lina amuna anga anamuponyera okha n'kunena kuti, "Gwirani bwino, achimwene. Ambulera yodula kuposa iyi simudzaiona." Ndiye kuseka kunabwerera pakhonde.

M'chipinda chakuseri anaikamo tebulo, rula yachitsulo ndi mpeni wamanja. Ankadula makope ochepa patsiku, ine n'kumasoka. Mzere wa ana asukulu sunakhalepo, koma aphunzitsi awiri atatu ankabwera. Mwana wathu atayamba ntchito ya unamwino n'kubwera ndi nkhani ya penshoni yake, bambo ake anamufunsa funso limodzi lokha: "Akadula, akudula kamodzi kapena chaka chilichonse? Ndipo akudula pa chiyani?" Anabwerera ku ofesi kukafunsa.

Tsopano ndimakhala ndekha m'nyumbayi, ndipo palibe amene amagogoda kumapeto kwa mwezi. Tebulo lija lili pomwepo, ndi mizere ya mpeni pamwamba pake. Inki wakalamba, amayenda ndi ndodo, koma amabwerabe Loweruka lina kudzandiona. Sabata yatha mvula inamupeza pano. Anaima pakhomo n'kuyang'ana kuseri kwa chitseko kumene ambulera ija imakhala.

"Alamu," anatero, "ndibwerekeni."

Mawaya ake awiri anathyoka kalekale, koma ndinamupatsa.